Balansi 60 ya chiyani?

"Amayi, ndayamba kukagulitsa mpunga ku Chipata. Ogula ambiri amapereka theka, zina mawa. Palisiti ndizilemba bwanji kuti tisadzakangane?"

Mwanangu, liwu loti "balansi" lisamakhale lokha palisiti yako. Ine linatsala pang'ono kundigulitsitsa nyumba.

Ndinatsitsa matumba 100 a Kilombero kwa bambo wina wa golosale, thumba K1,000 ya ku Zambia. Ndalama anabweretsa ndi mlamu wake, K40,000, ine ndili kokangana ndi woyendetsa lole. Mnyamata wanga analandira n'kulemba kuti: "Talandira K40,000 ya mpunga. Balansi 60." Dzina analemba la mlamuyo.

Mwezi utatha ndinapita kukatenga K60,000 yanga. Bambo uja anatulutsa lisiti, n'kuyiyala bwinobwino pakauntala. Akuti, "Mayi, ndinalipira matumba 40 amene munabweretsa. 60 iyi ndi matumba amene simunabweretse." Tawerengera wekha, masamu ake ankagwirizana ndithu! Ndiye dzina lake silinalipo n'komwe, bwenzi ndikumusumira ngati ndani? Mpunga unali wangongole, alimi a ku Karonga akundiimbira usiku ndi usana. Chinandipulumutsa ndi kakope ka anyamata otsitsa katundu, chifukwa iwo amalipidwa pa thumba ndipo saphonya kuwerenga. Ngakhale apo bambo uja anandipatsa ndalamazo modulizadukiza mpaka mvula inagwa.

Lero ndimalemba ndekha, m'buku la kaboni, motere:

"Ine wogulitsa ndalandira ZMW 40,000 (fote sauzande kwacha ya ku Zambia) kuchokera kwa bambo Uje, kudzera mwa mlamu wawo Uje. Ndi gawo la malipiro a matumba 100 a mpunga a 50kg, pa ZMW 1,000 thumba, onse pamodzi ZMW 100,000. Matumba onse 100 alandira. Ndalama zotsala zoti bambo Uje andipatse ndi ZMW 60,000, pofika pa 30 Juni."

Tsiku pamwamba, tisayine tonse awiri, wosalemba adinde chala. Akadzaperekanso, lisiti yatsopano itchule nambala ya yakaleyo ndi zotsala zatsopano. Zofufuta pa yakale ayi.

"K" yekha usamulembe. Kwacha ilipo kuno, iliponso ku Zambia, ndipo wakuba amasankha yomukomera. Amene anakongoza katundu wakunja m'makwacha athu anaona zakuda mu Novembala 2023, ndalama itagwa ndi 44 peresenti ngongole zili panja.

Koma usaganize kuti lisiti yabwino ikuchitira ulemu paboda. Wina anaitembenuza yanga kawiri, akuti yalembedwa bwino kwambiri, ndiye kuti ndi yopeka. Munthu woti sanasenzepo thumba chibadwire! Anandikhazika pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, akudikira ya fanta. Sindinamupatse, ndipo buku langa la kaboni ndinalilanda m'manja mwake ndekha.