Kubadwa pa Malire a Zizindikiro Ziwiri: Kodi Dzuwa Linali Kuti?

"Ndinabadwa pa 20 Malichi 2002, nthawi ya 8 koloko usiku, ndipo nthawi ya kwathu ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya ku Greenwich. Magazini ina imati ndine wa chizindikiro cha Nsomba, ina imati ndine wa Nkhosa. Kodi n'zoona kuti ndine wa zonse ziwiri?"

Zikomo chifukwa cha kalata yanu, makamaka chifukwa chotchula ola, pakuti yankho lonse lagona pamenepo. Simungakhale wa zizindikiro ziwiri. Openda nyenyezi amagawa njira ya dzuwa m'magawo 12 a madigiri 30 lililonse, amene ndiwo zizindikirozo, ndipo amayeza kuchokera pakatikati pa dzuwa. Malo amenewo amawoloka malire pa mphindi imodzi yodziwika. Mphindiyo isanakwane dzuwa lili mu Nsomba, ikangodutsa lili mu Nkhosa. Alipo ena amene amati wobadwa pafupi ndi malire amatengako makhalidwe a mbali zonse ziwiri, koma kumeneko ndi kutanthauzira kwawo, pamene malo a dzuwa ndi nkhani ya masamu.

Magazini amasiyana chifukwa chakuti amasindikiza masiku omwewo chaka chilichonse, chonsecho mphindi yowolokayo imasuntha. Chaka cha dzuwa chimaposa masiku 365 ndi maola 5 ndi mphindi pafupifupi 49, choncho kuwolokako kumachedwa ndi maola pafupifupi 6 chaka chilichonse, kufikira Febuluwale wa masiku 29 atakubweza m'mbuyo. Chizindikiro cha Nkhosa chimayamba pamene dzuwa likudutsa pa ikweta kulowera kumpoto. Pa nthawi ya ku Greenwich, imene pa makompyuta imalembedwa UT, zimenezi zinachitika pa 20 Malichi nthawi ya 07:35 mu 2000, ya 13:31 mu 2001 ndi ya 19:16 mu 2002, koma mu 2003 zinafika mpaka usiku, cha m'ma 01:00 pa 21 Malichi.

Tiyeni tsopano titenge nthawi yanu. Choyamba muisinthe kuti ikhale ya UT, ndipo popeza kwanu kuli patsogolo ndi maola awiri, 20:00 yanu ndi 18:00. Mukaiyerekeza ndi 19:16 muona kuti munabadwa kutatsala ola limodzi ndi mphindi 16 kuti dzuwa liwoloke. Dzuwa limayenda pafupifupi digiri imodzi pa tsiku, ndipo popeza digiri imagawidwa m'timagawo 60, pa ola limayenda timagawo tiwiri ndi theka. Ndiye kuti linali litatsala ndi timagawo titatu, pa madigiri 29 ndi timagawo 57 m'chizindikiro cha Nsomba. Ndinu wa Nsomba, ngakhale kuti ndi kumapeto kwenikweni.

Apa ndi pamene ambiri amasochera, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa cholakwacho n'chosavuta kupewa. Munthu amaona 19:16 patebulo, n'kukumbukira kuti anabadwa 20:00, n'kunena kuti dzuwa linali litawoloka kale, osazindikira kuti akuyerekeza mawotchi awiri osiyana. Pa wotchi ya kwanu dzuwa linawoloka nthawi ya 21:16. Obadwira m'mayiko amene amakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi m'miyezi yotentha ayenera kuchotsanso ola limenelo ngati linkagwira ntchito pa tsikulo.

Musangodalira mawu anga. Pali tebulo lotchedwa efemerisi limene limasonyeza malo a dzuwa tsiku lililonse, ndipo la Swiss Ephemeris limapezeka kwaulere pa astro.com. M'menemo Nsomba ndi Pisces, Nkhosa ndi Aries. Tsegulani chaka cha 2002, ndipo mupeza kuti pa 00:00 UT ya 20 Malichi dzuwa linali pafupi ndi madigiri 29 ndi timagawo 12 mu Nsomba, pamene pa 00:00 ya tsiku lotsatira linali litalowa timagawo pafupifupi 12 mu Nkhosa. Mukagwiritsa ntchito pulogalamu yowerengetsera yokha, onetsetsani kuti ikufunsa ola ndi malo obadwira, chifukwa yofunsa tsiku lokha ikubwereza zomwe zija za m'magazini. Onaninso kuti yaikidwa pa "tropical", njira imene tagwiritsa ntchito pano. Mukaisiya pa "sidereal", njira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ku India, malire onse amasuntha ndi madigiri pafupifupi 24, ndipo Nkhosa imayamba chapakati pa Epulo.

Chotsalira ndi kudalirika kwa ola lanu. Ngati 8 koloko ija inalembedwa pa chikalata cha kuchipatala, mpata wa mphindi 76 ndi wokwanira, chifukwa ngakhale namwino atalemba mongoyerekeza, n'zovuta kuti aphonye ndi ola lathunthu. Koma ngati ndi yokumbukira makolo, ndipo mwina munabadwa 9 koloko itadutsa, mphindi 16 zokha zikhoza kusintha yankho. Zikatero funani chikalata cholembedwa pa tsikulo musanagamule.