Imelo yopepesa kasitomala katundu akapanda kufika

"Ndimagulitsa zipangizo zomangira ku Lilongwe. Lachisanu ndinalephera kuperekera kasitomala wa ku Kasungu simenti yake, ndipo ndikufuna kumulembera imelo iyi. Tandikonzereni chonde: Bambo, ndikupepesa kuti katundu yanu sizinafike. Matumba 20 ya simenti yomwe munaitanitsa zidakali kuno chifukwa galimoto yathu anawonongeka pa Mponela. Tikulonjeza kuti uzalandira posachedwa."

Achimwene, funso lanuli landikhudza chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo, ya wodikira. Pomwe ndinkamanga nyumba yanga ndinalipira malata pasitolo ina, nandiuza tsiku lobweretsa. Mmisiri anafika m'mamawa ndi anyamata ake, mitengo ya denga atakhoma kale, mitambo ya mvula ikusonkhana. Tinakhala tikuyang'ana kumsewu mpaka dzuwa kupendeka. Anyamatawo ndinawaphikira, ndinawalipiranso tsikulo ngakhale sanakhome msomali ndi umodzi womwe. Madzulo kunabwera uthenga wa mizere iwiri, woyamba ukundilemekeza kuti "bwana", wachiwiri ukunditchula kuti "iwe". Kuchedwa kwa malata ndikanakumvetsa, galimoto zimafa pamsewu tsiku ndi tsiku. Chinandipweteka n'chakuti uthengawo unkaonekeratu kuti wolembayo sanauwerengenso asanautumize. Munthu amene wataya ndalama chifukwa cha inu amawerenga kupepesa kwanu liwu ndi liwu, kufuna kuona ngati mwasamala.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati bola uthenga wamveka. Ayi ndithu. Anthu omwewo akamalemba Chingerezi amafunsa anzawo kuti awaonere, koma Chichewa amangotayira poti n'chathu.

Tiyeni tione imelo yanu. Dzina lililonse lili ndi gulu lake, monga tinkaphunzirira ku pulayimale, ndipo mawu onse okamba za dzinalo amatsata gululo. Katundu ali m'gulu la Mu-A, limodzi ndi munthu ndi galu. Timati galu wanu sanafike, choncho ndi katundu wanu sanafike. Inu munalemba "sizinafike" chifukwa m'mutu munali mawu oti zinthu, pamene papepala panali katundu.

Chiganizo chachiwiri ndicho chimakola anthu ambiri. Mwini chiganizo ndi matumba, a gulu la Li-Ma, koma pafupi pakhala simenti, ndiye dzanja limatsata dzina loyandikiralo n'kulemba "ya" ndi "yomwe". Chimene chatsalira ku Lilongwe n'chiyani? Matumba. Tsono likhale matumba 20 a simenti amene munaitanitsa adakali kuno. Nambala ya pakatipo isakusokonezeni, siisintha kanthu. Mukakayika, lozani chinthucho ndi chala: katundu uyu, matumba awa, galimoto iyi. Liwu lolozeralo likuuzani chochita ndi mawu ena onse.

Za galimoto pali kankhani. Ena amati galimoto yathu inawonongeka, ena galimoto lathu linawonongeka, ndipo zonse zimamveka m'kamwa mwa eni chiyankhulo. Ine ndimalemba yathu, koma wa lathu sindimamudzudzula. Cholakwika ndi kuyamba ndi "yathu" n'kumaliza ndi "anawonongeka" ngati galimotoyo ndi munthu.

Koma "uzalandira" ndiye woopsa kuposa onse. Munthu mwamutchula kuti Bambo sangasanduke iwe m'mzere wachitatu. Mawu enawo kasitomala angawaone ngati kufulumira, koma liwu ili aliona ngati chipongwe. Lembani mudzalandira, osaiwala d. Sankhaninso chimodzi pakati pa ndi- ndi ti-: mwayamba ndi "ndikupepesa" n'kuthera pa "tikulonjeza". Ngati mukuyankhulira sitolo, gwiritsani ti- kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Ndipo "posachedwa" mumuchotseretu. Galamala yake ilibe vuto, koma munthu amene ali ndi amisiri pamalo sangawauze kuti bwerani posachedwa. Akufuna tsiku ndi nthawi, komanso adziwe chimene angachite ngati tsikulo silimuyenera.

Imelo yokonzedwa

Mutu: Kupepesa chifukwa cha kuchedwa kwa simenti yanu

Wokondedwa Bambo,

Tikupepesa kwambiri kuti katundu wanu sanafike Lachisanu monga tinagwirizanirana. Matumba 20 a simenti amene munaitanitsa adakali kuno ku Lilongwe chifukwa galimoto yathu inawonongeka pa Mponela, ndipo tinawabweza. Tinayenera kukudziwitsani tsiku lomwelo. Tapeza galimoto ina, ndipo mudzalandira matumba onse Lachiwiri isanakwane 10 koloko m'mawa, popanda kulipira ndalama ina ya mayendedwe. Ngati tsikuli silikuyenerani, tiuzeni lina, kapena tikubwezereni ndalama zanu.

Pansi pake lembani dzina lanu ndi nambala ya foni imene mumayankha. Lachiwiri ndangoikapo ine, inu muike tsiku limene mwatsimikizirana kale ndi dalaivala.