Filimu yoonera pagulu musaisankhe pongodalira zimene mukukumbukira

"Kuntchito kwathu andipatsa udindo wokonza usiku woonera filimu, ndipo kudzakhala mabwana, antchito anzanga pamodzi ndi ana awo. Kodi ndisankhe filimu yotani kuti pasadzapezeke wodandaula?"

Kalata yanuyi yatosa chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola. Zaka zingapo zapitazo udindo womwewu unagwera ine, ndipo sindinavutike n'komwe posankha, chifukwa ndinali ndi filimu yoseketsa imene ndinaionerapo katatu pa wailesi ya kanema ndili mnyamata. Ndinayesa pulojekita, ndinayala mipando 40, koma filimuyo sindinaionerenso, poganiza kuti ndikuidziwa bwino. Patatha mphindi pafupifupi 35 chiyambireni, panatulukira gawo la mwamuna ndi mkazi ali kuchipinda, limene ine ndinali ndisanalionepo. Mayi wina anaphimba maso a mwana wake ndi dzanja, mkulu wathu anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake, ndipo ine, m'malo modumphitsa gawolo, ndinadina batani loimitsa, chithunzicho n'kuima chomwecho pakhoma.

Chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti mawailesi a kanema nthawi zambiri amadula zigawo zotere asanaulutse filimu, choncho imene mukuikumbukira si imene ili pa DVD kapena pa intaneti. Komanso munthu akamaonera yekha salabadira mawu otukwana, amadzawamva bwino tsiku limene wakhala pafupi ndi bwana wake. N'chifukwa chake ndimakana kwamtuwagalu kuti filimu ionetsedwe pagulu wokonzayo asanaionere yonse sabata yomweyo, kuchokera pa fayilo kapena chimbale chomwecho chimene chidzagwiritsidwe ntchito.

Ena amati chizindikiro cha zaka n'chokwanira, koma ine sindigwirizana nawo. Ku America, mwachitsanzo, mafilimu amapatsidwa G, PG, PG-13 kapena R, koma PG-13, yochenjeza makolo a ana osakwana zaka 13, inayamba mu 1984, kutanthauza kuti filimu ya PG yotuluka chakacho chisanafike ikhoza kukhala ndi zoopsa kapena zamaliseche zimene kholo la lero silingayembekezere. Ndiponso chizindikirocho sichinena kanthu za nthabwala zonyoza chipembedzo, mtundu wa anthu kapena olumala, pamene izi ndi zimene zimasiya anthu ogwira ntchito limodzi akuyang'anana ndi diso lofiira mawa lake.

Kuvota kopanda malire nakonso ndinasiya kukukhulupirira. Mukangofunsa kuti aliyense atchule filimu imene akufuna, amapambana ndi anthu olongolola, ndipo iwo amakonda zowomberana kapena zoopseza. Kholo lobwera ndi mwana wa zaka 6 silitsutsa pagulu, limangokhala kunyumba tsikulo.

Ndisanaiwale, anthu amapirira chithunzi chosawala kwenikweni, koma sapirira mawu osamveka. Kasipika ka m'kati mwa pulojekita sikangakwanire chipinda chodzaza, chifukwa matupi ndi zovala zimameza mawu, kotero kuti zimene zinkamveka bwino muli nokha masana zimasanduka manong'onong'o usiku. Lumikizani sipika yaikulu ndi waya, popeza Bluetooth nthawi zina imachedwetsa mawu, milomo n'kumatsogola. Mukatero kakhaleni pa mpando wakumbuyo kwenikweni, muone ngati mukutha kuwerenga mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Akatswiri amalangiza kuti mpando umenewo usatalikire kuposa msinkhu wa chithunzicho kuchulukitsa ka 6, choncho chithunzi cha mita imodzi ndi theka kuchoka pansi kufika pamwamba chimafuna kuti womaliza akhale mkati mwa mamita 9.

Tsono musankhe bwanji?

Ganizirani anthu awiri okha, wamng'ono kwambiri komanso amene mumamuchitira manyazi kwambiri, ndipo filimu ikhale yoti onsewo angaionere atakhala moyandikana. Pezani mafilimu atatu osapitirira mphindi 100, a nkhani yosavuta kutsatira ngakhale munthu atatuluka pang'ono, monga a makatuni opangira banja lonse, a zamasewera kapena a ulendo. Onerani onse atatu muli ndi pepala lolembapo mphindi iliyonse yokayikitsa, kenako anthu avote pa amene apulumuka. Pa chiitano lembani dzina la filimu, chizindikiro cha zaka ndi nthawi yothera.

Dziwaninso kuti DVD yogula kapena akaunti yanu yoonera mafilimu pa intaneti zimaloleza kuonera kwanu ndi a pabanja panu basi. Kuonetsa kuntchito, ngakhale kwaulere, m'mayiko ambiri kumafuna chilolezo cha eni filimu, choncho funsani akuluakulu a kampani za chimenechi musanatumize chiitano.