Abwana ali ku Toronto, inu muli ku Lilongwe: muwakumbutse liti?

"Ndine mayi wa ku Lilongwe, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama. Pa 25 Febuluwale ndinachita intaviyu pa Zoom ndi kampani ina ya ku Toronto, m'dziko la Canada. Anandiuza kuti andiyankha pofika Lachisanu pa 6 Marichi asanaweruke. Lachisanulo ndinadikira mpaka 9 koloko m'mawa, ndipo nditaona kuti kuli zii ndinawalembera imelo yowakumbutsa. Lero ndi Loweruka, sanayankhebe. Kodi ndilembenso, kapena ndiwaimbire? Nanga liti? Ntchitoyi ndikuifuna kwambiri."

Achemwali, mtima ukhale m'malo, ntchitoyi sinakupulumukeni. Koma tiyeni tiyambe ndi wotchi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Nthawi yathu ku Malawi sisintha chaka chonse. Ili patsogolo ndi maola 2 pa nthawi imene dziko lonse limawerengerapo, n'chifukwa chake pakompyuta mumaona atalemba UTC+2. Toronto m'nyengo yawo yozizira amakhala pa UTC-5, kutanthauza kuti ife timakhala patsogolo pawo ndi maola 7. Ndiye pamene kwa inu inali 9 koloko m'mawa, kwa iwo inali 2 koloko usiku, anthu ali m'tulo, Lachisanu lawo lisanache n'komwe. Ndipo "asanaweruke" wawoyo, amene mwina anaulemba kuti EOD, ndi cha m'ma 5 koloko madzulo kwawo, yomwe kuno ndi 12 koloko usiku, Loweruka likulowa. Imelo yanu inawafika kudakali maola 15 kuti nthawi imene analonjeza ikwane. Si mlandu waukulu, ndipo wolemba anthu ntchito aliyense amene anazolowera kulankhula ndi anthu akunja amamvetsa. Komabe zikusintha zoti muchite tsopano: chikumbutso chimodzi mwawononga kale, ndiye chachiwirichi chiyenera kugwa pa nthawi yake.

Loweruka ndi Lamlungu musalembe kalikonse. Lolembanso ndikanakonda mulisiye. Munthu wa ku ofesi yolemba anthu ntchito akafika Lolemba amapeza maimelo ataunjikana, ndipo wanu wa Lachisanu uja uli m'gulu lomwelo. Komanso nthawi zambiri amene amakulemberaniyo si amene amagamula. Amadikira bwana wa dipatimenti, mwinanso wa zachuma kuti avomereze malipiro, ndiye tsiku limene anakupatsani limatha kutsetsereka ndi masiku awiri kapena atatu popanda choipa chilichonse. Apatseni masiku awiri athunthu a ntchito, Lolemba ndi Lachiwiri, powerenga masiku awo. Mulembe Lachitatu pa 11 Marichi.

Apa mpamene pali msampha umene umakola anthu ambiri, ndipo inu mwagwera sabata yeniyeni yake. Ku Toronto, monganso madera ambiri a Canada ndi America, amakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lachiwiri la Marichi, ndipo amaibwezanso Lamlungu loyamba la Novembala. M'chaka cha 2026 masiku amenewa ndi 8 Marichi ndi 1 Novembala. Choncho kuyambira mawa kusiyana kwanu ndi iwo sikukhalanso maola 7 koma 6. Ngati intaviyu ija munaichita 4 koloko madzulo kuno pamene kwawo inali 9 koloko m'mawa, 9 koloko yomweyo sabata yamawa ikhala 3 koloko masana kuno. Akakuitanirani intaviyu yachiwiri inu n'kuwerengera monga kale, mudzalowa pa Zoom patapita ola lathunthu, anthu atabalalika kalekale. Zimenezi zimandipweteka mtima kuposa china chilichonse, chifukwa munthu amakhala kuti wakonzekera bwinobwino, wavala, wagula bandulo, koma wagwa ndi masamu a ola limodzi. (Amene mukufunsira ntchito ku Britain musatengere masiku omwewa. Kumeneko amasintha Lamlungu lomaliza la Marichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo kusiyana kwathu ndi iwo kumachoka pa maola 2 kufika pa ola limodzi.)

Lachitatulo imelo iwafike cha m'ma 9:30 m'mawa nthawi yawo, atangokhala pansi, misonkhano isanawameze. Kuno ndi 3:30 masana. Ndikudziwa kuti nthawi imeneyo mumakhala muli pantchito, kapena magetsi athima, kapena netiweki ikuvuta. Ndiye ilembeni Lachiwiri usiku modekha, koma musadine potumiza. Mu Gmail muli `Schedule send`. Pakompyuta ili pa kamuvi kamene kali pambali pa `Send`, pafoni ili pa timadontho titatu tapamwamba. Sankhani 11 Marichi, 3:30 masana. Imawerengera nthawi yanu, osati ya Toronto, choncho ikani ya kuno. Mukatero imapita yokha ngakhale foni itazima. Akakuyankhani isanapite, kumbukirani kukaichotsa mu `Scheduled`, kuopa kuti angalandire chikumbutso cha chinthu chimene ayankha kale.

Musayambe imelo yatsopano. Yankhani pansi pa imelo imene anakuitanirani ku intaviyu, kuti mutu wake ndi mbiri yonse zikhale pamodzi, asavutike kukumbukira kuti ndinu ndani. Ziganizo zinayi kapena zisanu zakwana. Muwathokoze chifukwa cha intaviyu ya pa 25 Febuluwale n'kutchula dzina la ntchitoyo monga analilembera. Munene kuti mukuifunabe. Mufunse ngati pali tsiku latsopano limene akuyembekezera kugamula, ndiponso ngati pali chikalata china chimene akufuna kwa inu. Funso la tsiku latsopanoli n'losavuta kuyankha ngakhale asanagamule, pamene "mwandilemba kapena ayi" limamuumiriza munthu kukhala chete ngati yankho alibe. Za imelo ya Lachisanu ija musapepese motalika, ndipo musawakumbutse kuti analonjeza.

Chiganizo chomaliza chikhale cha nthawi imene mungapezeke, ndipo apa ndikufuna tichedwepo pang'ono. Musalembe kuti mumapezeka nthawi iliyonse. Zimaoneka ngati ulemu, koma mukumusiyira munthuyo ntchito yowerengera maola, ndipo akhoza kukupatsani 4 koloko madzulo kwawo, yomwe kuno ndi 10 koloko usiku. Apatseni nthawi ziwiri kapena zitatu zenizeni. Tiyerekeze kuti mumaweruka 5 koloko ndipo pofika 6 koloko mumakhala mwafika pakhomo. Kuyambira 6 mpaka 8 koloko madzulo kuno ndi 12 mpaka 2 koloko masana ku Toronto. Gawo loyamba likugwera pa nkhomaliro yawo, ndiye ndi bwino kutchula 1 koloko kapena 1:30 kwawo, komwe kuno ndi 7 koloko kapena 7:30 madzulo. Ngati mungathe kupempha kuweruka msanga tsiku limodzi, onjezanipo 10 koloko m'mawa kwawo, yomwe ndi 4 koloko madzulo kuno.

Polemba, yambani ndi nthawi yawo, yanu ibwere pambuyo, motere:

```
Thu 12 March, 1:00 pm ET (7:00 pm Malawi, UTC+2)
Fri 13 March, 10:00 am ET (4:00 pm Malawi, UTC+2)
```

Taonani zinthu zitatu pamenepo. Ndalemba ET osati EST, chifukwa EST ndi nthawi yawo ya m'nyengo yozizira yokha, ndipo wotchi ikasintha imakhala EDT. ET imakwanira zonse ziwiri. Sindinalembe CAT, ngakhale ndi mmene nthawi yathu imatchulidwira, chifukwa ambiri kumeneko saidziwa ndipo akhoza kuisokoneza ndi CT, nthawi ya ku Winnipeg ndi Chicago. Ndipo mwezi ndaulemba m'mawu. Mukalemba 12/03, ife timawerenga 12 Marichi, koma wina ku North America awerenga 3 Disembala.

Akavomera, apempheni akutumizireni kalata yoitanira ya pa kalendala. Google Calendar kapena Outlook imatembenuza yokha nthawi kuti igwirizane ndi kumene muli, kuphatikizapo kusintha kwa wotchi kuja. Koma imatero pokhapokha kompyuta yanu ikudziwa kuti ili ku Malawi. Malaputopu ambiri akaunjika amabwera ali pa nthawi ya dziko limene anachokera, eni ake n'kungokonza manambala a wotchi osasintha dera. Lowani mu `Date & time` muone ngati pali UTC+02:00 ya Harare ndi Pretoria, imene imafanana ndi yathu. Ndipo pafoni onjezani Toronto pa wotchi ya mizinda, kuti musamawerengere ndi zala.

Zoimba foni zisiyeni. Ngati sanakupatseni nambala n'kukuuzani kuti muziimba, imelo ndiyo njira. Uthenga wa pa WhatsApp umene mwatumiza kuno m'mawa umalira pafoni ya munthu pakati pa usiku, pafupi ndi pilo, ndipo sadzakukumbukirani bwino.

Yankho lawo likhoza kubwera inu muli m'tulo, poti tsiku lawo la ntchito limatha cha m'ma 11 koloko usiku kuno. Musachezere. Mukayankha 6 koloko m'mawa, kwawo ndi pakati pa usiku, ndipo akamafika ku ofesi yankho lanu amalipeza lili kale pamenepo. Nthawi yoti muziyang'ana foni kwenikweni ndi kuyambira 3 koloko masana mpaka mukamagona. Imelo yofika pamenepo muziyankha tsiku lomwelo, chifukwa mukaigoneka, funso limodzi ndi yankho lake zimadya tsiku lonse, ndipo kupangana nthawi ya intaviyu kumatha sabata pamene ofunsira anzanu a ku Toronto komweko amaliza m'maola awiri. Muzisuzumiranso mu `Spam`, maimelo ochokera ku makina a makampani amakonda kubisala kumeneko.

Lachitatu likadutsa kuli zii, dikirani sabata yathunthu, mulembe komaliza Lachitatu pa 18 Marichi nthawi yomweyo ya 3:30 masana, mwachidule kuposa poyamba. Ikakubwererani imelo yodziyankha yokha yoti munthuyo ali patchuthi, werengani tsiku lobwerera n'kuwonjezerapo masiku awiri, kapena lemberani amene wamutchula m'menemo. Pambuyo pa imeneyo musalembenso. Pitirizani kufunsira kwina, ndipo imeneyi ikadzabwera idzakupezani.

Chinthu chimodzi chokha chingandichititse kukuuzani kuti musadikire n'komwe. Ngati yankho litabwera mwachangu n'kunena kuti ntchito mwaipeza koma mutumize kaye ndalama zoti akupangireni chikalata cha LMIA, imani pomwepo. LMIA ndi chilolezo chimene boma la Canada limapereka kwa olemba ntchito kuti alembe munthu wakunja. Mtengo wake ndi madola 1,000 a ku Canada pa malo amodzi, amalipira ndi kampani, ndipo lamulo sililola kuti ndalamazo azitenge kwa wantchito. Zikatero yang'anani bwino adiresi imene imelo yachokera ngati ikufanana ndi ya pa webusaiti ya kampaniyo, ndipo lemberani kampaniyo mwachindunji kudzera pa adiresi ya pa webusaitipo musanatumize ngakhale kwacha imodzi kapena chithunzi cha pasipoti yanu.