Imelo yopempha sapulaya masiku owonjezera olipirira katundu

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi shopu ku Area 25, ndimagulitsa sopo, mankhwala okolopera ndi tishu ku maloji komanso sukulu imodzi. Sapulaya wanga wa ku Kanengo amandipatsa katundu pa ngongole ya masiku 14 koma makasitomala anga amalipira kumapeto kwa mwezi. Ndinalemba imelo yopempha masiku 30, ndinafotokoza kuti bizinesi yavuta ndalama sizikuoneka andimvere chisoni. Masabata awiri atha sanayankhe, chonsecho ine chiyambire ndimalipira bwinobwino. Ndilembenso bwanji?"

Achemwali pepani ndi zimenezi, koma mwayi ulipobe ndithu ndipo uli m'mawu anu omalizawo, oti chiyambire mumalipira bwinobwino. Imelo yonse imayenera kutsamira pa mfundo imeneyo. Taganizani munthu amene akuiwerenga uja, si wa selozi amene mumacheza naye akabwera ndi lole ayi, imakathera pa tebulo la wa maakaunti amene ntchito yake tsiku lonse ndi kulondola anthu osabweza ngongole. Iyeyo akangoona mawu oti bizinesi yavuta ndalama sizikuoneka, chimene amamva ndi choti kasitomala uyu watsala pang'ono kusiya kulipira, ndiye m'malo mokuwonjezerani masiku amayamba kuganiza zokuchepetserani katundu. Kukhala chete kwawoko mwina ndi ulemu chabe, sakufuna kukukanani maso ndi maso.

Ine ndili ndi kahadiweya ku Kawale, penti ndi zomatira ndimatenga kwa sapulaya pa ngongole, ndipo imelo yanga yoyamba inali yodandaula ngati yanuyi, inangofera m'njira. Yachiwiri ndi imene inagwira ntchito, ndikuuzani mmene ndinachitira.

Musanalembe chilichonse imbani foni ku maakaunti kwawo mupemphe sitetimenti ya akaunti yanu ya chaka chathunthu kapena kuposa. Musadalire kope lanu lokha. Chifukwa chake ndi ichi, tsiku limene inu mumati ndalipira ndi tsiku limene iwo analemba kuti alandira nthawi zambiri zimasiyana. Mukatumiza ndalama Lachisanu madzulo kuchoka ku banki ina kupita ku banki ina zikhoza kukaoneka kwawo Lolemba, cheke ndiye chimadikira kaye kuti chidutse, ndipo ngati munalipira pa Airtel Money kapena Mpamba osalemba nambala ya invoisi ndalamazo zimatha kukhala masiku angapo asanadziwe kuti ndi za ndani. Ine m'mutu mwanga ndinkati sindinachedwepo, sitetimenti itabwera ndinapeza ma invoisi awiri olembedwa kuti ndinachedwa, imodzi masiku 3 ina masiku 5. Ndikanalemba kuti sindinachedwepo ngakhale kamodzi, bambo wa maakaunti uja akanangotsegula kompyuta nkuona kuti si zoona, basi imelo yonse ikanaoneka yabodza.

Sitetimenti ikabwera khalani pansi madzulo mutatseka shopu, malisiti anu mbali iyi sitetimenti mbali iyo, mupange katebulo kosavuta pa Excel kapena papepala lomwe. Mzere uliwonse ukhale ndi nambala ya invoisi, tsiku la invoisi, ndalama zake, tsiku limene imayenera kulipidwa ndi tsiku limene ndalama zinafika kwa iwo. Tsamba limodzi lokha. Langa linatuluka chonchi, miyezi 14, ma invoisi 23, zonse pamodzi K41,600,000, ndipo 21 mwa iwo ndinalipira pa tsiku lake kapena lisanafike. Manambala amenewo ndi amene amalankhula, osati mawu oti ndine kasitomala wanu wokhulupirika, amenewo aliyense amalemba ngakhale amene ali ndi ngongole ya chaka chatha.

Tsopano pali chinthu chimene ambiri timachiphonya ndipo ndikufuna muchimvetse bwino chifukwa ndi chimene wa maakaunti amawerengera mukangotchula masiku 30. Masiku ndi limiti ya ngongole ndi zinthu ziwiri zosiyana koma zimayendera limodzi. Ine ndimatenga katundu wa pafupifupi K3,000,000 pa mwezi. Pa masiku 14, ndalama zawo zimene zimakhala m'manja mwanga nthawi iliyonse zimazungulira pa K1,400,000, koma pa masiku 30 zimafika K3,000,000, kuposa kawiri, ngakhale sindinawonjezere oda ngakhale chitini chimodzi. Limiti yanga inali K2,000,000. Ndiye akanangondipatsa masiku 30 limiti nkuisiya pomwepo, sabata yachitatu ya mwezi ndikanapita kukaoda nkuuzidwa kuti akaunti yadzadza lipirani kaye, masiku owonjezerawo osandithandiza kanthu. Werengerani zanu chimodzimodzi, katundu wa pa mwezi kuchulukitsa ndi masiku amene mukupempha kugawa ndi 30, muone ngati limiti yanu ikukwana, ngati sikukwana muipemphe mu imelo yomweyo.

Komanso tiwamvetse masapulayawa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi ndalama zambiri kunja kwa makasitomala analira, chifukwa ndalama zimene anadzalandira sizinathenso kugula katundu wofanana ndi amene anapereka. Chichokereni nthawi imeneyo munthu woitanitsa katundu kunja amaopa kwambiri kusiya ndalama zake kwa wina mwezi wathunthu. Nchifukwa chake simungangopempha osaika kanthu patebulo.

Imelo yanga inali chonchi, inu musinthe manambala muike anu, ndipo ngati kumeneko amagwiritsa Chingerezi muitembenuze koma ndondomeko yake ikhale yomweyi.

Mutu wake: Pempho losintha masiku olipirira kuchoka pa 14 kufika pa 30, akaunti nambala yakuti.

"Zikomo bwana. Ndakhala ndikugula katundu kwa inu pa ngongole ya masiku 14 kwa miyezi 14. Pa nthawi imeneyi ndalandira ma invoisi 23 okwana K41,600,000 ndipo onse ndinalipira. Mwa amenewa 21 ndinalipira pa tsiku lake kapena lisanafike, awiri anachedwa ndi masiku 3 ndi 5, ndipo pa miyezi 8 yapitayi palibe amene wachedwa. Ndaphatikiza tebulo la malipiro onse lomwe likugwirizana ndi sitetimenti yanu.

Ndikupempha kuti masiku olipirira akhale 30 kuchokera pa tsiku la invoisi, ndipo limiti ikwere kuchoka pa K2,000,000 kufika pa K3,500,000, kuyambira pa 1 mwezi wamawa. Makasitomala anga akuluakulu amalipira kumapeto kwa mwezi, ndiye masiku 30 andilola kuoda katundu wambiri nthawi imodzi m'malo mooda pang'onopang'ono.

Ndikuvomera kuti tiyesere kwa miyezi itatu. Invoisi ina iliyonse ikachedwa pa nthawiyi, mundibwezere pa masiku 14. Ndidzakuimbirani Lachinayi kuti tikambirane."

Basi, ndi yomweyo, siifika ndi theka la tsamba. Onani kuti nkhani ya makasitomala olipira kumapeto kwa mwezi ilimo ndithu koma yalowa ngati chifukwa cha mmene bizinesi imayendera, osati ngati dandaulo. Kwa inu mfundo imeneyi ndi yamphamvu kwambiri chifukwa maloji ndi sukulu ndi makasitomala okhazikika, ngati muli ndi ma oda awo olembedwa mukhoza kutchula kuti muli ndi makasitomala angati olipira pa mwezi, mayina awo musaike, ena mwa masapulayawa amagulitsanso okha mwachindunji.

Mawu aja oti kuchokera pa tsiku la invoisi musawasiye. Makampani ena akati masiku 30 amawerenga kuchokera pa invoisi, ena kuchokera pa tsiku la sitetimenti ya kumapeto kwa mwezi, ndipo kusiyana kwake nkwakukulu, katundu wotenga pa 5 Juni njira yoyamba mulipira pa 5 Julayi, njira yachiwiri mpaka pa 30 Julayi. Mukapanda kulemba aliyense amamva zake, kenako mudzapezeka mwalembedwa kuti mwachedwa inu mukuganiza kuti nthawi ikadalipo.

Za ma invoisi ochedwa aja, atchuleni nokha iwo asanawatchule, koma osawafotokoza motalika. Chiganizo chimodzi chakwana. Chofunika ndi kuonetsa kuti patha nthawi yaitali bwanji chichitikireni. Koma ngati sitetimenti ikuonetsa kuti mwachedwa kawiri kapena katatu m'miyezi itatu yapitayi, kapena pali invoisi imene tsiku lake ladutsa simunalipire, ndikupempheni musatumize kaye imeloyo, lipirani zonse muyende bwino miyezi ingapo ndiye mudzapemphe. Ndipo nthawi yabwino yoitumiza ndi tsiku lotsatira mutangomaliza kulipira invoisi, akaunti ili pa ziro kapena pafupi.

Chinanso musalonjeze zimene simungathe. Ngati mulemba kuti muzioda katundu wambiri, khalani ndi nambala yeniyeni m'mutu imene mukudziwa kuti mugulitsa, apo ayi chichotseni chiganizocho. Ndipo musawaopseze kuti mupita kwa sapulaya wina pokhapokha ngati alipodi amene wakupatsani masiku 30 polemba, anthu a ku Kanengo ndi ku Malangalanga amadziwana ndipo amafunsana za makasitomala.

Itumizeni kwa wa maakaunti kapena manejala amene amavomereza ngongole, wa selozi uja mumuike pa kope ndipo mumuuze pa foni musanatumize, iyeyo amapindula mukamaoda zambiri ndiye amakulankhulirani mkatimo. Tebulo lija likhale PDF kuti atsegule ngakhale pa foni. Za imelo yoyamba ija musapepese kapena kuibwereza, ingoyambani ndi mawu oti iyi ikulowa m'malo mwa ija munatumiza pa tsiku lakuti. Ndipo Lachinayi likafika imbanidi, osadikira kuti ayankhe okha.

Ine sanandipatse masiku 30 nthawi yomweyo. Anati tiyambe ndi 21 ndi limiti ya K2,500,000, ndinavomera chifukwa pa masiku 21 ngongole yanga imafika K2,100,000 ndipo imakwana mu limitiyo, miyezi itatu itatha ndinatumiza tebulo lomwe lija nditawonjezera mizere yatsopano ndiye anandikweza kufika pa 30. Akakupatsani 21 inunso musakane, koma muwapemphe alembe pa imelo masikuwo, limiti yake ndi tsiku limene mudzaonenso nkhaniyi, chifukwa zolankhula pa foni wa maakaunti akasintha ntchito wobwerayo sazidziwa. Sitetimenti ija ikafika mukhoza kuika manambala ake pano mutabisa dzina la kampani ndi nambala ya akaunti, tithandizana kuwerengera limiti yoyenera kupempha.