Ma threshodi a shimiti tiriga pa LM393

"Ndili ndi LM393 pa 12 V, siginolo ikulowa ku mwendo wa minasi, ma threshodi ndiwerengere bwanji?"

Achimwene, onani mwendo wa pulasi basi. Tinene R1 = 10k kuchoka ku 12 V, R2 = 10k kupita pansi, R3 = 100k kuchoka ku autiputi. Autiputi ikakwera R3 imakhala ngati yagwirizana ndi R1 mwa paralelo, 9.09k, ndiye threshodi ya mmwamba VH = 12 × 10/19.09 = 6.29 V. Ikatsika imagwirizana ndi R2, threshodi ya mmunsi VL = 12 × 9.09/19.09 = 5.71 V, mpata wake 0.57 V. Koma LM393 siikweza autiputi yokha, imafuna rezisita yokokera ku 12 V, ndipo iyoyo imaphatikizana ndi R3 autiputi ili mmwamba. Ine kuno ku Harare ndinaikapo 47k, mita nkumandionetsa 6.2 V, ndinazunguzika tsiku lonse. Ikani 3.3k, VH ikhala 6.28 V.