Sipika ikuoneka pafoni koma ili zii

"Ndinagula sipika ya Bluetooth mwezi watha. Foni yanga ya Android ikulemba kuti Paired, koma ndikaika nyimbo sipikayo sikulira. Kodi anandigulitsa yakufa?"

Musathamangire kukakangana ndi wogulitsa, achimwene. Mawu akuti Paired amangotanthauza kuti foni ndi sipika zinadziwana kale ndipo zikukumbukirana. Zili ngati nambala yomwe munasunga mufoni: kuisunga sikulankhula ndi mwiniwake. Mawu oyenera kuoneka pansi pa dzina la sipika ndi akuti Connected.

Ikani nyimbo, kenaka mutchere khutu. Ngati ikumveka pafoni pomwepo, ndiye kuti mawu sakutumizidwa n'komwe, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala foni ina m'nyumbamo. Masipika ambiri otchipa amalandira foni imodzi basi, ndipo ukangowayatsa amathamangira yomwe analumikizana nayo komaliza. Ine zinandionekera pa chinkhoswe cha mlongo wanga. Ndinatuluka thukuta ndikuzimitsa ndi kuyatsa, anthu akudikira kuvina, osadziwa kuti sipika yagwira foni ya mphwanga yomwe inali m'thumba mwake, iye ali kuseri akuotcha nyama. Atangozimitsa Bluetooth yake, ine n'kudina dzina la sipika pafoni yanga, nyimbo zinayamba.

Nanga ngati yalemba Connected koma nyimbo ikumvekabe pafoni? Bluetooth ili ndi njira ziwiri zosiyana zodutsitsira mawu. Ya HFP ndi yoimbirana foni, ya A2DP ndi ya nyimbo ndi mavidiyo, ndipo imodzi ikhoza kutseguka inzake ili yotseka. Chizindikiro chake n'chakuti munthu akakuimbirani mawu ake amatulukira pasipika, koma nyimbo ayi. Lowani mu Settings, pitani pa Bluetooth, dinani kachizindikiro kali pambali pa dzina la sipika, muyatse Media audio. Mafoni ena amangolemba kuti Audio.

Zikakhala kuti foni ili chete, sipikanso ili chete, koma kamzere ka nyimbo kakuyenda, mawu akupita ndithu. Kwezani voliyumu nyimboyo ikusewera, chifukwa foni imasunga voliyumu ya Bluetooth payokha, ndipo mukwezenso ya pasipika. Mukatero yang'anani kumbuyo kwake. Chingwe cha AUX, fulashi kapena memori khadi zikakhala zolowetsedwa, masipika ambiri amamvera zimenezo n'kusiya foni. Zulani zonse, mudine batani la Mode kapena M mpaka itabwerera ku Bluetooth.

Zikakanikabe, dinani Forget kapena Unpair, zimitsani foni ndi sipika, muyambirenso kuzilumikiza. Pomaliza yesani foni ya mnzanu komanso chingwe cha AUX. Sipika ikakhala chete ponseponse, batire ili yodzaza, pamenepo tengani lisiti mubwerere kusitolo.